Kugawa kanema wautali m'zigawo pa YouTube

"Abale, ndaika pa YouTube kanema wa chikondwerero cha makwaya chomwe chinachitika kuno ku Ulongwe. Ngotalika ola limodzi ndi mphindi 48, ndipo anthu akudandaula kuti mamega akuwathera asanafike pa kwaya yawo. Ndinalemba nthawi za kwaya iliyonse koma zigawo sizikuoneka. Ndalakwitsa pati?"

Achimwene, yambani mwaona malo omwe munalemba nthawizo. Ngati munazilemba m'ndemanga za pansi pa kanema, munthu akhoza kuzidina n'kudumphadi, koma mzere wofiira uja wosonyeza pomwe kanema wafika sugawika. Zigawo zolemba nokha zimatuluka pokhapokha nthawi zikalembedwa m'bokosi lofotokozera kanema, lomwe limatchedwa Description, kapena Descrição ngati foni yanu ili m'Chipwitikizi. Lowani mu YouTube Studio, sankhani kanemayo, dinani kapensulo, ndipo bokosilo mulipeza pansi pa mutu.

M'bokosimo YouTube imafuna zinthu zitatu, ndipo chimodzi chikasowa zigawo zonse sizituluka, osakuuzani n'komwe chifukwa chake. Nthawi yoyamba ikhale 0:00, ngakhale kwaya yoyamba itayamba kuimba pa mphindi 6. Nthawi zikhale zosachepera zitatu, zondondozana kuyambira yaing'ono kupita kutsogolo. Chigawo chilichonse chisachepere masekondi 10. Ambiri amagwa pa choyambacho, chifukwa amaona ngati pemphero ndi malonje sizifunika dzina. Kanema wanu angalembedwe motere, mzere uliwonse paokha:

```
0:00 Pemphero ndi malonje
6:40 Kwaya ya ku Domwe
21:50 Kwaya ya ku Tsangano
43:15 Kwaya ya amayi
1:05:30 Kwaya ya achinyamata
1:36:00 Mphatso ndi kutseka
```

Taonani mizere iwiri yomalizayo. Mukadutsa ola, nambala zimakhala zitatu: ola, mphindi, masekondi. Mukalemba 1:05 pofuna kunena ola limodzi ndi mphindi zisanu, YouTube imawerenga mphindi imodzi ndi masekondi asanu, ndiye kuti nthawi yabwerera m'mbuyo ndipo ndondomeko yasokonekera. Chinanso, kuno tinazolowera kulemba nthawi ngati 6h40, ena 6.40. Zonsezo sizigwira. Pakati pa manambala pakhale timadontho tiwiri, kenako mpata, kenako dzina la chigawo.

Koma ntchito yeniyeni ili pa kapezedwe ka nthawizo, chifukwa zigawo zikhoza kutuluka bwinobwino koma n'kumamufikitsa munthu pakati pa nyimbo ya eni ake. Nthawi muzitenga pa kanema amene ali kale pa YouTube, osati pa pepala la ndondomeko ya mwambo, ndiponso osati pa kanema wosadula amene ali m'kamera. Tinene kuti m'kamera kwaya ya ku Tsangano inayamba pa 25:10, ndiye inu munadula mphindi 3 ndi masekondi 20 za kumayambiriro, pamene anthu ankakonza zokuzira mawu. Nthawi zonse zotsatira zasuntha ndi 3:20. Powerengera, kumbukirani kuti mphindi ili ndi masekondi 60, osati 100. Bwerekani mphindi imodzi, 25:10 isanduke mphindi 24 ndi masekondi 70. Mukachotsa 3:20 mutsala ndi 21:50. Makina owerengera a pa foni akupatsani 21.90, nthawi yomwe kulibe. Mukadzadulanso kanemayo ali kale pa YouTube, bwererani mukaone nthawi zonse za kutsogolo kwa pomwe mwadulapo.

Ine ndimalangiza kuti chigawo chiziyamba masekondi awiri kapena atatu kwaya isanatsegule pakamwa, makamaka pamene woyendetsa mwambo akuitchula dzina. Mukaika nthawi ndendende pa liwu loyamba, wodumphayo amapeza mawu oyamba atadutsa, n'kuyamba kubweza ndi chala, mamega aja n'kumapita. Pa kompyuta, batani la J limabweza masekondi 10 ndipo la L limapititsa kutsogolo masekondi 10, pamene timivi timasuntha masekondi asanu. Pa foni dinani kawiri kumanzere kapena kumanja kwa kanema.

Maina a zigawo akhale aafupi ndipo mawu ofunika atsogole, pakuti pa foni dzina lalitali limaduka. "Kwaya ya ku Domwe" ikuthandiza kuposa "Gawo lachiwiri la chikondwerero chathu". Musachulukitsenso zigawo: ngati kwaya iliyonse inaimba nyimbo zitatu, gawani potsata makwaya, apo ayi tizigawo tichepa mpaka chala kulephera kuloza.

Mukasunga, tsekani kanemayo n'kumutsegulanso, kenako dinani chigawo chilichonse mumve pomwe chikukufikitsani. Ngati zonse zalembedwa bwino koma mzere sukugawikabe, onani mu YouTube Studio ngati tchanelo chanu chili ndi chilango chomwe sichinathe, poti chimenecho chimatsekereza zigawo. Potumiza ku magulu a WhatsApp, tumizani linki. Mukatsitsa kanemayo n'kumutumiza ngati fayilo, zigawo zimatsala ku YouTube, chifukwa zili m'mawu ofotokozera aja, osati m'kanema mwenimwenimo.