Mwana wa zaka 7 akukodzabe pogona: tiyambire pati?

"Mwana wanga wamwamuna ali ndi zaka 7 koma amakodzabe pogona pafupifupi usiku uliwonse. Tinayesa tchati chomupatsa nyenyezi akadzuka pouma, koma mwezi wonse anangopeza zitatu, ndipo pano safuna n'kuchiona komwe. Kodi alamu ingathandize, kapena ndi ulesi chabe?"

Mayi, si ulesi ayi. Mwa ana 100 a zaka 5, pafupifupi 15 amakodzabe pogona, ndipo vutoli limayenda m'magazi, moti mukafufuza mwina mupeza kuti inu kapena bambo ake munachedwanso kusiya. Kwa ana ena impso zimapanga mkodzo wambiri usiku, kwa ena chikhodzodzo chimasunga wochepa, ndipo onsewo tulo tawo sitisokonezeka chikhodzodzo chikadzaza.

Musanagule alamu, kachipangizo komwe kamalira mwana akayamba kukodza pogona, pali mafunso oti muyankhe. Kodi anakhalapo miyezi 6 osakodza pogona, kenako n'kuyambiranso? Amadzikodzera masana, kapena kumva ululu pokodza? Akumwa madzi kwambiri uku akuwonda? Amaliza mkonono kwambiri? Ngati yankho la funso ngakhale limodzi mwa awa ndi inde, yambani mwapita kuchipatala akamuone ndi kumuyeza mkodzo, chifukwa akhoza kukhala matenda a m'njira ya mkodzo, shuga, vuto la kupuma ali m'tulo, kapena nkhawa. Funso lomwe makolo ambiri amalilumpha ndi la chimbudzi. Mwana wodzimbidwa, chimbudzi chouma chimapanikiza chikhodzodzo, ndipo alamu siphula kanthu mpaka m'mimba mutakonzeka.

Kenako yezani. Kwa masiku awiri, azikodzera m'chigubu chokhala ndi mizere ya muyezo, inu muzilemba. Chikhodzodzo cha mwana timachiwerengera motere: zaka zake kuwonjezera 1, kuchulukitsa ndi 30. Wanuyo ndi 8 kuchulukitsa ndi 30, mamililita 240. Tiyerekeze kuti mkodzo wochuluka kwambiri womwe watulutsa kamodzi masana, kupatula woyamba wam'mawa, ndi mamililita 140. Chikhodzodzo chotero chikusunga wochepa, ndipo alamu imagwira bwino kwa ana otere. Wa usiku mumaudziwa poyeza thewera pasikelo lisananyowe komanso litanyowa, galamu imodzi kukhala mililita imodzi, n'kuphatikiza mkodzo woyamba wam'mawa. Kwa wa zaka 7 ngati wanuyo, ukapitirira mamililita 310, ndiye kuti impso zikupanga wambiri usiku, ndipo dokotala akhoza kutchula mankhwala otchedwa desimopuresini.

Tchati chija chinalephera chifukwa munkapereka mphoto pa chinthu chomwe mwanayo alibe nacho mphamvu. Munthu ali m'tulo sasankha. M'mawa uliwonse ankaona kabokosi kopanda nyenyezi, ndiye akanachikonda bwanji? Nyenyezi zipite pa zomwe angathe ali maso: kumwa madzi okwanira masana, kukodza asanagone, kuthandiza kuyalula zofunda zonyowa. Ndipo nyenyezi yomwe wapeza musamulande, ngakhale usikuwo atanyowetsa mpaka matiresi. Koma ndinene mosabisa, kwa mwana wonyowetsa usiku uliwonse tchati pachokha sichikwanira.

Alamu ndi kachipangizo komwe mumamata pakabudula wamkati, kamalira madontho oyamba akangokakhudza. Pang'ono ndi pang'ono ubongo umaphunzira kuti chikhodzodzo chikadzaza, adzuke kapena augwire. Pafupifupi ana awiri mwa atatu amasiya nayo, koma ntchito yaikulu ndi yanu. Masabata oyamba idzadzutsa nyumba yonse kupatula mwiniwakeyo. Muzigona pafupi, ikalira mumudzutse mpaka atsegule maso ndithu, aizimitse yekha, akamalizire mkodzo kuchimbudzi, asinthe zovala, muimatenso. Mukaizimitsa nokha iye ali m'tulo, usiku umenewo wapita pachabe. N'chimodzimodzi kumunyamula ali mtulo kukamukodzetsa pakati pa usiku: zofunda zimapulumuka, koma iye saphunzirapo kanthu.

Pakatha masabata 4, musawerenge masiku ouma okha. Onani ngati malo onyowa akuchepa, kuchoka pa theka la bedi kufika pa kadontho ka pakabudula. Onani ngati alamu yayamba kulira chakum'bandakucha m'malo mwa usiku usanafike pakati, kapena ngati wayamba kudzuka yekha ikalira. Chimodzi mwa izi chikaoneka, pitirizani usiku uliwonse osadumphitsa mpaka akwanitse masiku 14 otsatizana osanyowetsa. Nthawi zambiri zimatenga miyezi iwiri kapena itatu. Akadzayambiranso patsogolo, mumaibwezeretsa, ndipo kawirikawiri imagwiranso.

Mumufunse kaye mwanayo ngati akuifuna, popeza tchati chinamugwetsa kale ulesi. Akakana, dikirani miyezi ingapo mukukonza za madzi ndi chimbudzi. Akavomera koma masabata 4 n'kutha popanda kusintha kulikonse, isiyeni, mutenge zomwe munalemba zija mupite nazo kwa dokotala.