Kodi mnyamata wa m'nkhani yanga angamangidwe chifukwa chokonza chithunzi?

Funso: Ndikulemba nkhani yaifupi. Mnyamata wina akufunsira ntchito yolandira alendo pa hotela ku Mangochi. Ali ndi chipsera chachikulu patsaya chomwe anapsa ndi phala ali mwana. Pa chithunzi chimene wamata pa kalata yofunsira ntchito wachifufuta ndi foni, wadziyeretsa khungu pang'ono, n'kudziveka jekete yomwe alibe. Amuitana ku intaviyu. Ndimafuna nkhaniyi ithe apolisi akumutenga pomwepo. Kodi malamulo athu angalole zimenezi?

Yankho: Achemwali, mathero amenewo musawalembe, pokhapokha mutawonjezera china pa zomwe mnyamatayu wachita. Monga mwaifotokozeramu, wapolisi alibe mlandu woti alembe m'buku lake.

Mlandu umene anthu amathamangira kuuganizira ndi wopanga chikalata chachinyengo, womwe chilango chake chili m'ndime 356 ya Penal Code, lamulo la milandu ndi zilango zake, pamodzi ndi mnzake wa m'ndime 360, wopereka chikalata chotero kwa munthu wina ukudziwa kuti n'chabodza. Kuti mlandu umenewu uime, boma liyenera kusonyeza kuti pali chikalata chimene chikudzinamiza kukhala chomwe sichili, ndiponso kuti wochipangayo ankafuna kunyenga nacho. Chithunzi cha mnyamata wanu ndi chake, chatumizidwa ndi iye mwini, pansi pa dzina lake lenileni. Chimene chikunena n'chakuti wofunsira ntchito ndi uyu, ndipo zimenezo n'zoona. Ojambula mu situdiyo akhala akusalaza nkhope za anthu ndi kuwabwereka majekete kuyambira kalekale. Mlandu wopeza katundu mwachinyengo nawonso sukumukhudza, chifukwa pa intaviyu sanalandire kanthu kwa aliyense.

Zinthu zimasintha chithunzicho chikafika pa chikalata cha boma kapena cha sukulu. Tiyerekeze kuti hotela yapempha kope la chiphaso cha unzika cha ku NRB, ndipo mnyamatayu, poopa kuti zithunzi ziwirizi zisiyana, wasinthanso nkhope pa kopelo. Apo wakhudza chikalata chimene alibe mphamvu yochisintha. Choipa kuposa apo n'kutenga satifiketi ya MSCE ya msuweni wake, n'kufunsira ntchito m'dzina la msuweniyo koma ndi chithunzi chake. Kumeneko n'kudzisandutsa munthu wina, ndipo Penal Code imakulanga pakokha. Ngati mukufunadi apolisi m'nkhani yanu, njira ndi imeneyo. Ndipo mukawalowetsa, kumbukirani ndime 42 ya malamulo aakulu a dziko: womangidwa auzidwe chifukwa chake m'chilankhulo chimene akumva, ali ndi ufulu wokhala chete, ndipo akaonekere kukhoti pasanathe maola 48, kupatula ngati nthawiyo yathera pa ola kapena tsiku limene khoti silikugwira ntchito.

Koma ine ndikuona kuti mphamvu ya nkhani yanu ili m'chipinda cha intaviyu momwemo. Walowa, wakhala pampando. Mayi wa ku ofesi yolemba anthu ntchito wayang'ana pepala, wayang'ana tsaya, wabwereranso papepala, kenako wafunsa kuti, "Bambo, uyu ndi inu?" Yankho la funso limeneli ndi lolemera pamalamulo kuposa chithunzicho.

Chifukwa chake n'chakuti bodza limawononga mgwirizano wa ntchito pokhapokha ngati likukhudza chinthu chofunika pa ntchitoyo, ndiponso ngati bwana analemba munthuyo ntchito chifukwa chokhulupirira bodzalo. Mnyamata akayankha kuti, "Ndine ndemwe, chipserachi ndinachichotsa pa chithunzi poopa kuti simundiitana," bodza lathera pompo. Amuona ndi maso awo, amva ndi makutu awo. Akamulemba ntchito, sangabwere patapita miyezi isanu ndi umodzi n'kunena kuti ananyengedwa ndi chithunzi. Koma akakana, n'kunena kuti anapsa sabata yatha atajambulitsa kale, wawonjezera bodza la pakamwa pamaso pa anthu amene akulemba zonse zomwe akuyankha. Pa ntchito yogwira ndalama za alendo ndi makiyi a zipinda, bwana anganene kuti vuto lake si tsaya koma kusakhulupirika, ndipo khoti lingamumvere.

Akhoza kumukaniza ntchito? Inde. Woitanidwa ku intaviyu sanakhale wantchito, ndipo palibe lamulo lokakamiza hotela kumulemba. Malire ake ali m'ndime 5 ya Employment Act, lamulo la zantchito la 2000, imene imateteza ngakhale munthu amene akungofunsira ntchito. Imaletsa kusankha anthu polemba ntchito chifukwa cha mtundu, maonekedwe a khungu, kukhala mwamuna kapena mkazi, chipembedzo, ulumali ndi zina zotero. Ndime 20 ya malamulo aakulu imanenanso zomwezo za tsankho. Choncho mmodzi wa ofunsawo atanena kuti, "Ife timayesa ndinu oyera, alendo athu amakonda oyera," wolakwira lamulo ndi hotela, osati mnyamata. Za chipsera n'zovutirapo, chifukwa ndimeyo siitchula chipsera mwachindunji, ndipo loya angafunike kutsimikizira khoti kuti chikulowa pa ulumali kapena pa mkhalidwe wina wa munthu. Mutamusintha mnyamatayu kukhala wa khungu lachialubino, amene wadzidetsa pa chithunzi kuti angofika pakhomo, mlandu wa tsankho ungakhale woonekeratu. Zimandiwawa kuti achinyamata ena amafika pobisa nkhope zawo chonchi, ndipo chimandiwawa kwambiri n'chakuti tsankho lotere n'lovuta kulipezera umboni. Mabwana ambiri sanena chifukwa. Amangoti "tikuimbirani foni." Munthu wotere ndimamulangiza kuti akangotuluka alembe mawu amene ananenedwa, amene anawanena ndi tsiku lake, asunge kalata yomuitana, kenako apite ku ofesi ya zantchito ya m'boma lake.

Mwina mungakonde kuti amulembe ntchito, nkhani ya chithunzi idzabuke pambuyo pake. Apa funsani kaye ngati ali pa nthawi yoyesedwa. Ndime 26 ya Employment Act imalola nthawi imeneyi kwa wantchito waluso, yosapitirira miyezi 12, ndipo mkati mwake mbali iliyonse ingathetse mgwirizano popanda notisi. Mnyamata wanu ndi wosatetezeka kwenikweni pa nthawi imeneyo. Akaidutsa, ndime 57 imafuna zinthu ziwiri: chifukwa chomveka chokhudza khalidwe lake, luso lake kapena zosowa za kampani, komanso mpata woti adziteteze asanachotsedwe. Kuchotsa munthu nthawi yomweyo popanda notisi, malinga ndi ndime 59, n'kwa milandu ikuluikulu, monga khalidwe loipa kwambiri kapena kusowa luso limene munthu ananena kuti ali nalo. Satifiketi yabodza ingalowe mmenemo mosavuta. Jekete yomata ndi foni siingalowemo, makamaka kwa munthu amene wagwira ntchito bwino chaka chathunthu bwana akumuona tsiku ndi tsiku.

Akachotsedwa, ali ndi miyezi itatu yoti akadandaule kwa mkulu wa zantchito wa m'boma. Mkuluyo amaitana mbali zonse kuti agwirizanitse, ndipo zikakanika nkhani imapita ku Industrial Relations Court, khoti loona milandu ya zantchito. Kumeneko udindo wosonyeza chifukwa chochotsera munthu uli pa bwana, monga ikunenera ndime 61, ndipo akalephera khoti limatenga kuti kuchotsako kunali kopanda chilungamo. Lingalamule kuti mnyamata abwerere pa ntchito kapena apatsidwe chipukuta misozi, ngakhale kuti ngati iyenso ananamapo, khoti limaganizira mbali yakeyo powerengera ndalamazo.