Haidulo si madzi nthawi zonse

"Abale mayina a mu bayoloje ndi kemisitile akundipha, ndingoloweza basi? Aphunzitsi akuti tiziwadula m'zidutswa koma ine sindikuona podulira."

Aphunzitsi anuwo akunena zoona achimwene. Mayina ambiriwa ndi zidutswa za Chigiriki ndi Chilatini zomwe anangozilumikiza, ndiye inu muziyamba kuwerenga kumapeto kwa liwulo nkumabwerera m'mbuyo, chifukwa chakumapetocho nthawi zambiri ndi chomwe chimanena kuti nkhani ndi ya chani. Bayoloje: loje ndi maphunziro, bayo ndi moyo. Antibayotiki bayo yemweyo, anti ndi kulimbana nacho, ngakhale moyo womwe mankhwalawa amalimbana nawo ndi wa mabakiteriya okha, ma vairasi a chimfine sawakhudza nkomwe.

Tiyeni tidule lalitali, haipoglaisemiya. Emiya yachokera ku haima, magazi. Glai yachokera ku liwu lotanthauza kutsekemera, haipo ndi pansi kapena kuchepa. Mukasonkhanitsa ndiye kuti shuga watsika m'magazi, zija munthu wodwala shuga amayamba kunjenjemera ndi kutuluka thukuta akabaya insulini koma osadya. Chenjerani apa, haipa ndi kupyola muyezo, ndiye haipaglaisemiya ndi shuga wokwera. Akawatchula mwachangu amamveka ngati amodzi, ine pa mayeso a fomu 4 ndinawasokoneza mpaka ndinaluza mamakisi a ulele.

Tsono haidulo ndi amene amapusitsa anthu. Inde ndi madzi pa Chigiriki, magetsi a haidulo ngati aku Nkula pa Shire ndi a madzi, haidulosefalasi ndi madzi m'mutu (sefalasi ndi mutu), matenda aja mutu wa khanda umangokulirakulira. Koma mukapita nazo ku haidulokaboni mugwa chagada. Mu methani, CH4, mulibe madzi ngakhale dontho, haidulo wa pamenepa ndi chidule cha haidulojeni. Dzina la haidulojeniyo ndi lomwe limatanthauza chopanga madzi, analipereka ndi Lavoisier wa ku Falansa chifukwa mpweya umenewu ukayaka umatulutsa H2O. Ndiye mukakumana ndi haidulo mu kemisitile yang'anani kaye fomyula, ngati muli H koma O mulibe, iwalani za madzi.

Lavoisier yemweyo ndi amene anatcha okosijeni dzina lotanthauza chopanga asidi, poganiza kuti asidi aliyense ali ndi okosijeni. Anaphonya mkuluyo, HCl ndi asidi woopsa koma O mulibe, ndipo Humphry Davy anazionetsa mu 1810. Dzinalo linakakamira mpaka lero.

Ndiye kudulaku kumakuuzani zomwe wotcha dzinayo ankaganiza nthawi imeneyo, tanthauzo lolemba pa pepala la mayeso tengani la m'buku lanu. Mukaona akwa musadabwe, ndi madzi omwewo koma pa Chilatini.