Kudula zitsulo za mamita 6 popanda kutaya zambiri

Funso: "Akuluakulu, ndikufuna zidutswa 12 za mamita 2.3, zidutswa 16 za mamita 1.8 ndi 12 za mamita 1.2. Zitsulo zimagulitsidwa za mamita 6. Ndigule zingati, ndipo ndidule bwanji kuti zotsala zisachuluke?"

Gulani 12, koma zikwana pokhapokha mutasakaniza miyeso pa chitsulo chimodzi.

Poyamba phatikizani utali wonse: 27.6 kuphatikiza 28.8 kuphatikiza 14.4, zikupereka mamita 70.8. Mukagawa ndi 6 mupeza 11.8. Ndiye kuti palibe kadulidwe kalikonse kamene kangatheke ndi zitsulo zosakwana 12. Nambala imeneyi muisunge, chifukwa ndi imene ikuuzeni nthawi yosiya kufufuza.

Ambiri amadula muyeso umodzi mpaka uthe, kenako n'kuyamba wina. Mukatero, za 2.3 zidya zitsulo 6, za 1.8 zidya 6, za 1.2 zidya 3, zonse pamodzi 15. Ena amayamba ndi zazitali n'kumatseka mpata wotsala ndi zazifupi. Njira imeneyi ndi yabwinoko: zitsulo 6 zodulidwa 2.3, 2.3 ndi 1.2, zitsulo 5 za 1.8 katatu, chimodzi cha 1.8 ndi 1.2 zitatu, china cha 1.2 zitatu zotsalazo. Zakwana 13. Vuto lake n'lakuti za 2.3 zimatha msanga, pomwe ndi zimene zimagwirizana bwino ndi za 1.8. Za 1.8 zikatsala zokha, chitsulo chilichonse chimataya masentimita 60.

Choncho musanagwire chodulira, lembani papepala kadulidwe kalikonse kamene kangakwane m'mamita 6, ndi chotsala chake. Pa miyeso yanuyi, awiri ndi amene akuposa ena onse. Koyamba ndi 2.3, 1.8 ndi 1.8, pamodzi 5.9. Kachiwiri ndi 2.3 ndi 1.2 zitatu, pamodzinso 5.9. Za 1.8 mukufuna 16, ndipo kadulidwe koyamba kamatulutsa ziwiri, ndiye zitsulo 8. Za 1.2 mukufuna 12, ndipo kachiwiri kamatulutsa zitatu, ndiye zitsulo 4. Chitsulo chilichonse mwa 12 zimenezi chikutulutsa cha 2.3 chimodzi, ndiye nazonso zakwana. Mwafika pa malire aja, palibenso chofufuza. Kunena zoona, manambala anu agwirizana mwamwayi. Nthawi zambiri pamafunika madulidwe atatu kapena anayi, ndi chitsulo chomaliza chotolera zotsalira.

Tsopano chenjerani ndi madulidwe okopa maso, monga 1.8 ziwiri ndi 1.2 ziwiri, kapena 1.2 zisanu. Papepala akukwana 6.0 ndendende, koma disiki yodulira imadya chitsulo. Ngati imadya mamilimita 3, kudula katatu kumachotsa mamilimita 9, ndipo chidutswa chomaliza chituluka choperewera. Mudzazizindikira mochedwa, poona kuti chomaliza pa chitsulo chilichonse ndi chimene sichikufika. Madulidwe awiri ndasankhawa ali ndi mpata wa mamilimita 100: koyamba kamataya 9 podula katatu, kachiwiri 12 podula kanayi, ndipo mpata ukutsalabe wowongolera nsonga yopindika. Yezani zitsulo zenizenizo zikafika, ndipo muziyeza chidutswa chilichonse mutadula chinzake, osati kulemberatu mizere yonse pa chitsulo chathunthu.

Dziwaninso kuti zitsulo 12 sizikusiya mpata wolakwitsa. Zotsala zake ndi tizidutswa tosakwana masentimita 10, topanda ntchito. Njira ya zitsulo 13 ija imasiya chotsala cha pafupifupi mamita 2.4 pa chitsulo chomaliza, chimene chingalowe m'malo mwa chidutswa chilichonse cholakwika. Ngati wodulayo ndi wophunzira kumene, ine ndingagule cha nambala 13 koma n'kudulabe mwa njira ya 12, kuti chinacho chikhale chathunthu.

Miyeso ikachuluka, kulemba pamanja kumakanika chifukwa madulidwe amachuluka kwambiri. Apo gwiritsani ntchito Solver, pulogalamu yofufuza yankho labwino koposa ya mu Excel kapena LibreOffice Calc. Kadulidwe kalikonse kakhale ndi mzere wake, muiuze kuti ichepetse chiwerengero cha zitsulo, muyeso uliwonse usaperewere, ndipo mayankho akhale manambala athunthu. Mukaiwala lamulo lomalizali ikupatsani zinthu ngati zitsulo 3.4, ndipo kungokweza nambala iliyonse kungakuwonjezereni zitsulo zosafunika. M'mafakitale odula mipukutu ya mapepala masamu ndi omwewa, kungoti amayeza m'lifupi ndipo chiwerengero cha mipeni ya makina chili ndi malire. Kumeneko amadalira njira imene akatswiri a masamu Gilmore ndi Gomory anafalitsa mu 1961, yoyamba ndi madulidwe ochepa n'kumawonjezera katsopano pokhapokha ngati kachepetsa mipukutu yofunika.