Foni yagwera m'madzi: kupulumutsa zithunzi ndi manambala

"Foni yanga ya Android yagwera m'ngalande ku Chibavi pamene ndimatsika kabaza. Muli zithunzi za ukwati wa mng'ono wanga ndi manambala a makasitomala. Nditani kuti zisatayike?"

Pepani, mayi. Choyamba, izimitseni ndipo musaitchaje, ngakhale ikuoneka ngati ikugwira ntchito, chifukwa chimene chimaononga foni ndi moto wa batire ukamadutsa pa tizitsulo tonyowa, timene timayamba kudyeka. Chotsani chikuto, simu ndi memori khadi. Khadilo lipukuteni, ndipo likauma mukopere zonse zili mmenemo pa kompyuta. Ndalama za ku Airtel Money kapena Mpamba musade nazo nkhawa, zimatsata nambala yanu.

Musaiike pa mbaula kapena padzuwa, poti kutentha kumaononga batire. Ena amati muikwirire mu mpunga kuti iume, koma ine mpunga sindiukhulupirira, fumbi lake limangotseka polowera tchaja. Iikeni pamalo opita mphepo, polowera tchaja pataloza pansi, kwa maola osachepera 48. Kuno ku Mzuzu, ndi chinyontho chathuchi, ine ndingadikire masiku atatu.

Pamasiku amenewa pali msampha umene ambiri amagweramo. Mukaika simu m'foni yobwereka, musalembetsenso WhatsApp ndi nambala yomweyo, chifukwa foni yonyowa ija imatulutsidwa mu akaunti, ndipo mauthenga osungidwa pa Google Drive angathe kufufutidwa ndi atsopano. Manambala a makasitomala yambani mwawafufuza pa contacts.google.com, mwina ali kale kumeneko.

Ikauma, muitenge ngati idzayaka kamodzi kokha, popeza dzimbiri limapitirira kudya mkati ndipo foni imene yadzuka lero ikhoza kuzimiratu sabata yamawa. Choncho kompyuta ndi chingwe zikhale pafupi musanaiyatse. Ikayaka, tsegulani loko, lumikizani chingwe, sankhani File transfer, kenako kopani foda ya DCIM, mmene mumakhala zithunzi za kamera. Mukatero pitani ku WhatsApp, pa Settings, Chats, Chat backup. Ikayamba kutentha, kapena mukaona nthunzi m'galasi la kamera, izimitseni, madzi akadalimo.

Nthawi zina galasi limayaka koma osamva chala. Zikatero lumikizani mausi ya kompyuta kudzera pa kachingwe ka OTG, kolumikizira zipangizo za USB ku foni, mulowetse nambala yanu yachinsinsi, kenako mutumize zithunzi ku Google Photos.

Ikakana kuyaka, pitani nayo kwa okonza mafoni, koma muwauze momveka kuti mukufuna zimene zili mkati. Aitsegule, atsuke bodi, pamene pamakhala tizipangizo ta mkati mwa foni, ndi spiriti wotsukira zamagetsi, koma asaifulashe ndipo asasinthe bodi. Mafoni amakono amamanga zonse ndi kiyi wobisika amene amagwira pa bodi yomweyo basi, kotero bodi yatsopano idzakupatsani foni yoyaka bwinobwino koma yopanda chithunzi ngakhale chimodzi cha ukwati uja.