Kusandutsa matanthauzo a mawu kukhala tebulo la makolamu awiri

"Anzanga, ndili ndi matanthauzo a mawu oposa 80 mu Word, onse m'ndime imodzi. Liwu lililonse lili m'zilembo zonenepa, kenako koloni ndi tanthauzo lake. Ndingawaike bwanji m'tebulo popanda kulembanso?"

Zilembo zonenepazo ndi zimene zikupulumutseni. Word imapanga tebulo yokha ikaona zinthu ziwiri: pamene mzere ukuthera, ndi chizindikiro cholekanitsa liwu ndi tanthauzo. Ntchito yanu ndi kuika ziwirizo basi. Yambani mwasunga kope lina la fayiloyo.

Tiyerekeze kuti mwalemba chonchi: Chinyezi: madzi amene ali mumpweya. Nthunzi: madzi amene asanduka mpweya. Sankhani ndime yonseyo ndipo dinani Ctrl+H. M'bokosi la Find what musalembemo kanthu, ingodinanimo kenako Ctrl+B, mpaka pansi pake paoneke Font: Bold. Mu Replace with lembani izi:

```
^p^&^t
```

Apa mukuuza Word kuti paliponse pamene yapeza zilembo zonenepa iyambe mzere watsopano, ibwezeretse liwulo, kenako iike tabu. Dinani Replace All, ndipo ikafunsa zofufuza mbali yotsala ya fayilo, kanani.

Tsopano makoloni atsala kumayambiriro kwa matanthauzo. Musanawachotse, dinani More kenako No Formatting muli m'bokosi la Find what. Ambiri amakodwa pomwepa, chifukwa Word imapitiriza kusaka zonenepa zokha n'kunena kuti sinapeze chilichonse. Mukatero sakani `^t:` ndi mpata umodzi kumanja kwa koloniyo, m'malo mwake muike `^t`.

Mwina mukudabwa chifukwa chake sindikungokuuzani kuti mudule pa koloni. Ine koloni sindiikhulupirira. Tanthauzo ngati "Mtambo: uli mitundu iwiri: wamvula ndi wouma" lili ndi makoloni awiri, ndiye lingaduke patatu n'kuwonjezera kolamu yachitatu m'tebulo lonse. Tabu sipezeka kawirikawiri mkati mwa chiganizo.

Chotsani mzere wopanda kanthu umene watsala pamwamba, sankhani zonse, pitani ku Insert, Table, Convert Text to Table. Pa Separate text at sankhani Tabs, koma musathamangire OK. Yang'anani kaye Number of columns. Pakalembedwa 2, zili bwino. Pakalembedwa 3, mzere wina uli ndi matabu awiri. Dinani Cancel, kenako Ctrl+Shift+8 kuti zobisika zioneke. Tabu imaoneka ngati kamuvi, ndiye fufuzani mzere umene uli ndi timivi tiwiri, muchotse kamodzi.

Tebulo likatuluka, tsikani ndi kolamu yakumanzere mukuwerenga. Mukapezamo liwu losayenera, ndiye kuti linali lonenepa mkati mwa tanthauzo ndipo ladula chiganizo pakati. Mukaona tanthauzo lotalika modabwitsa, muli liwu limene munaiwala kulinenepetsa, lamezedwa ndi lapamwamba pake. Oterewa akonzeni pamanja, ndipo mukafuna kuti mawuwo atsatane mwa alifabeti, dinani m'tebulomo mupite ku Layout kenako Sort.