Kodi ufulu wathu tinangopatsidwa pa tebulo?

"Mnzanga wa ku Mozambique akuti ife Amalawi sitinavutikire ufulu, azungu anangotipatsa pa tebulo ku London. Ndimuyankhe bwanji?"

Achimwene, kalata yanu yandigoneka mochedwa. Agogo anga aakazi, amene anandilera kuno ku Mzuzu, anali kamtsikana ku Nkhata Bay pa 3 Malichi 1959. M'mamawa wa tsikulo boma la atsamunda linagwira atsogoleri a Nyasaland African Congress, ndipo ena linawatsekera m'sitima ya Mpasa padoko. Anthu anakhamukira kunyanja kukafuna abale awo, asilikali n'kuwombera. Lipoti la Devlin, woweruza wa ku Britain amene anatumidwa kudzafufuza nkhaniyi, linawerenga anthu 20 ophedwa pamalo amodziwo. Agogo sankakamba za mfuti ayi. Ankangonena za amayi ena amene anatsika ndi nsima m'mbale kuti akapatse mwamuna wawo, ndipo akafika pamenepo ankakhala chete. Mpaka lero ndikamatsika mapiri aja pa minibasi, nyanja ikangoonekera, mbale ija imandibwerera m'maso.

Tebulo linalipodi, sindikukana. Koma funsani chimene chinakhazika Mngelezi pampando. Ku Gold Coast, Ghana ya lero, Kwame Nkrumah anaitanitsa sitalaka ya dziko lonse mu Januwale 1950. Anam'manga, koma chipani chake cha CPP chinapambana chisankho cha 1951 iye ali m'ndende, ndipo bwanamkubwa anam'tulutsa kuti atsogolere boma. Sitalaka inkaluma kumeneko chifukwa njanji ndi doko la Takoradi zikaima, koko sankatuluka.

Kuno zinali zina. Amuna ambiri, makamaka a kumpoto kuno, anali ku Joni ndi ku Salisbury, ndiye ukananyanyala ntchito iti yogwedeza boma? Chida chathu chinali kukana malamulo a malimidwe, kuchita misonkhano yoletsedwa, ndi kumanga nthambi za chipani mudzi ndi mudzi. N'chifukwa chake ndimapsa mtima anthu akamayesa ufulu ndi kuchuluka kwa zipolopolo, ngati kuti mlimi amene analowa m'ndende chifukwa chokana milambala sanamenye nkhondo. Anamenya.

Congress italetsedwa, Orton Chirwa anayambitsa Malawi Congress Party mu Seputembala 1959. Devlin anali atanena kale kuti Nyasaland yasanduka dziko lolamulidwa ndi apolisi, mawu amene anachititsa manyazi boma la Britain. Nduna yatsopano yoona za maiko a atsamunda, Iain Macleod, inatulutsa Dr Banda m'ndende ya Gwelo ku Southern Rhodesia pa 1 Epulo 1960, ndipo zokambirana za ku Lancaster House ku London zinabala chisankho cha Ogasiti 1961. Si aliyense analoledwa kuvota, komabe MCP inatenga mipando 22 mwa 28. Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chinatha pa 31 Disembala 1963, ufulu n'kubwera pa 6 Julayi 1964.

Mnzanuyo musakangane naye, chifukwa Apwitikizi anakaniratu tebulo mpaka 1974, ndipo magazi a kwawo ndi ambiri. Ingomutengani pa 3 Malichi, mutsike naye ku Nkhata Bay, akawerenge yekha maina pachipilala.